Mathero a mizere akamveka okakamiza: kukonza vesi ndi kolasi ya Chichewa

Vutoli limadziwika msanga. Papepala nyimbo ikuoneka kuti yatheka, mizere yonse yathera pa lembo limodzi, koma mukaiimba pamaso pa munthu amayamba kumwetulira pamalo posaseketsa. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti kumathero kwa mizere kwamatidwa timawu tosafunika: «nyumbamo», «njalayo», «panjirapo». Pena mneni wapotozedwa kuti athere pa e pomwe amafunika kuthera pa a. Pena woimba wangotseka dzenjelo ndi «eee» wautali. Zizindikiro zonsezi gwero lake ndi limodzi: wolemba akufunafuna kufanana kwa mathero, kumene oimba rapu amati raimu, pamalo pomwe khutu la Mchewa silimvera.

Pamene khutu limamvera

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha: a, e, i, o, u. Mawu ake onse amathera pa limodzi mwa asanuwa, ndipo aneni ochuluka zedi amathera pa a. Choncho kufananitsa lembo lomaliza lokha si ntchito. «Kupita», «kugona», «kulemba» ndi «kugula» onse athera pa a, koma palibe angamve kuti akuyankhana, chifukwa mawu ambirimbiri a m'chinenerochi amatha chomwecho.

Nenani mokweza mawu awa ngati mukutsiriza chiganizo: nyumba, mtima, panjira. Mumva kuti liwu likukokeka pa «nyu», pa «ti» ndi pa «nji», osati pa phatikizo lomaliza. Umu ndi mmene Chichewa chimayankhulidwira: kumapeto kwa chiganizo, phatikizo lachiwiri kuchokera kumathero ndilo limatalika, lomalizalo limangogwera pansi mopepuka. Phatikizo lokokedwali ndilo limene omvera amagwira. Kuti mizere iwiri iyankhane, payenera kufanana zinthu zitatu motsatana: liwu la phatikizo lokokedwa, malembo opanda liwu otsatira, ndi liwu lomaliza.

N'chifukwa chake «nsima» ndi «nyama» sizigwirana bwino ngakhale zonse zathera pa «ma». Kwina mwakoka i, kwina mwakoka a. Koma «nsima», «mtima» ndi «kulima» zimagwirana nthawi yomweyo, monganso «nyama», «ndalama» ndi «kunama». Mukasankha mawu omaliza mzere, bisani ndi chala zonse za kumayambiriro kwake, musiye liwu lokokedwa ndi phatikizo lomaliza: ima, ama, anja, ira, ula. Chotsalacho ndicho muyenera kuchipezera mnzake.

Timichira tomata: yo, wo, ko, po, mo, tu, di, nso

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse, ndipo tikhalapo pang'ono. Tengani vesi iyi, ya mayi amene mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku Joni:

Munandisiya ndekha m'nyumbamo
Ana akulira ndi njalayo
Ine ndikudikira panjirapo
Mtima wanga ukuwawawo

Wolemba wafuna kuti mizere yonse ithere pa o, ndiye wamata kamchira paliponse. Zolakwika zilipo zitatu.

Choyamba, timichirati tili ndi ntchito yake m'chiganizo. «Njalayo» ndi njala imene yatchulidwa kale kapena imene tonse tikuidziwa. M'vesiyi njala sinatchulidwepo, ndiye womvera amadzifunsa kuti njala yake iti. «Panjirapo» ndi malo amene mukuwaloza muli chapatali, pomwe mayiyu akunena za pamene iye mwini wakhala. Ndipo «ukuwawawo» kulibe, palibe amayankhula chomwecho.

Chachiwiri, kamchira kamasuntha pokoka. Mu «nyumba» mumakoka «nyu», koma mu «nyumbamo» mumakoka «mba». Kotero mawu amene akanagwirana bwino ndi «kuumba» kapena «kukumba» asanduka ena. Zotsatira zake m'vesiyi ndi amo, ayo, apo, awo: malembo apakati onse ndi osiyana, ndipo chimene wolemba amachifuna sanachipezebe.

Chachitatu, womvera amazindikira. Mizere inayi yotsatana yothera pa timichira imamuuza kuti wolemba anasowa mawu.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Chotsani kamchirako, muwerenge mzerewo. Ngati tanthauzo silinasinthe, kamchirako kanali komata, kachoke. Ngati china chasowa, kasiyeni. «Musapitenso» ndi «musapite» n'zosiyana, «nso» ameneyo akugwira ntchito. «Bweranitu» ali ndi kuchonderera kapena kuchenjeza komwe «bwerani» alibe. «Ndigawireniko» ndi pempho lofatsa. Timichira totere tikhoza kukhala kumathero kwa mzere, koma kamodzi pa vesi n'kokwanira.

Mukachotsa timichira m'vesi ija mutsala ndi nyumba, njala, panjira, ukuwawa. Sizikugwirana, ndipo musayese kuzikakamiza. Apa mpofunika kulembanso mizereyo, kuyambira ku mathero kubwerera m'mbuyo.

Kuyambira ku mathero: vesi ija ikulembedwanso

Lembani kaye nkhani ya vesiyo m'ziganizo wamba, ngati mukuuza mnansi: bambo ananyamuka mvula isanagwe, nyengo yapita, mayi amakhala pamsewu madzulo kuyang'ana mabasi, mwana amalira. Kenako tolani mawu olemera a m'nkhaniyo, amene ali ndi chithunzi: kudzala, kukolola, njira, basi, kulira, banja, khanda. Pa mawu aliwonse lembani anzake angapo ogwirana nawo musanayambe kusankha.

Njira ikupatsani kulira, kudikira, mapira, mpira, mchira. Banja likupatsani panja, manja, dzanja, nyanja. Joni ikupatsani foni, moni, chisoni. Kudzala kukupatsani njala, kukhala, kutsala, chala. Mwa amenewa, fufutani onse amene sangalowe m'nkhani ya mayiyu popanda kuwakoka ndi chingwe. Mpira ndi mchira achoke. Nyanja ichoke, pokhapokha ngati mudziwo uli m'mbali mwa nyanja. Otsalawo ndiwo katundu wanu.

Tsopano lembani mzere wachiwiri wa awiri oyankhanawo poyamba, chifukwa ndi umene womvera amatsala nawo m'mutu. Mzere woyamba muupange pambuyo kuti ukonze njira. Olemba ambiri amachita mosemphanitsa: amalemba mzere woyamba wokoma, kenako n'kufunafuna chilichonse chotsekera wachiwiri, ndipo mzere wofooka umagwera pamalo omveka kwambiri. Vesi yokonzedwa ndi iyi:

Munanyamuka tisanadzale
Chimanga tinakolola kale
Madzulo ndimakhala panjira
Basi yadutsa, mwana walira

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 10. Mathero ndi ale, ale, ira, ira. Palibe mawu amene awonjezeredwa kapena kudulidwa, ndipo mzere uliwonse mayi akhoza kuunena pafoni osaimba. Onaninso kuti mawu akuti njala, ndekha ndi mtima atulukamo, koma kusungulumwa kukumveka kuposa poyamba, chifukwa kufunafuna mawu ogwirana kwatifikitsa pa zinthu zooneka: munda, msewu, basi.

Pali chinanso chimene chikukometsa mathero amenewa. «Tisanadzale» ndi mneni, «kale» si mneni. «Panjira» ndi dzina la malo, «walira» ndi mneni. Mawu a mitundu yosiyana akagwirana, khutu limadabwa pang'ono ndipo limakondwa. Aneni awiri a mapangidwe ofanana akagwirana, monga «ndikudikira» ndi «ndikufikira», womvera amadziwiratu mathero mzere usanafike pakati.

Mneni wothera pa e pomwe safunika kutero

Nthawi zina wolemba ali ndi mawu ngati «kale», «mbale» kapena «abale» ndipo akufuna mneni wothera pa «ale». Amangosintha lembo lomaliza n'kulemba «ndimakhale» kapena «ndinadzale». Mzere wotere umamveka ngati wa mlendo amene akuphunzira chinenero.

Mneni amathera pa e mwachibadwa m'malo odziwika, ndipo mukawadziwa simusowanso kukakamiza. Amatero pambuyo pa «kuti» wosonyeza cholinga: «ndabwera kuti ndikhale». Amatero pamene pali «sana» wosonyeza kuti chinthu chinali chisanachitike: «tisanadzale», «kusanache». Amatero poletsa: «musatsale». Amatero pokana zakale: «sindinakhale». Amateronso polamula pamene wotchulidwayo ali m'kati mwa mneni: «ndipatse», «mutenge». Choncho ngati mukufuna e kumathero, musakhudze lembo, sinthani kamangidwe ka chiganizo chonse kuti e abwere yekha. Mu vesi ija, ganizo loyamba linali lakuti «munanyamuka nthawi yodzala». Kulisandutsa «munanyamuka tisanadzale» ndiko kunatsegula khomo la «kale».

Chimodzimodzi ndi «ni» waulemu kapena wa anthu ambiri. «Bwerani», «khalani» ndi «imani» amagwirana ndi «ndani», «chiyani» ndi «mdani». Iyi ndi njira yabwino yopezera mathero a i, amene aneni sapereka kawirikawiri. Chenjezo lake n'lakuti ulemu usasinthe pakati pa nyimbo. Ngati mayi wayamba ndi «munanyamuka», sangadzati «bwera» m'kolasi chifukwa choti mukufuna mathero a «era». Omvera amamva ngati mkazi wayamba mwano, kapena ngati akuyankhula ndi munthu wina.

Msintho wa mneni umene wasintha nkhani

Njira ina yachidule imene imapweteka nyimbo ndi kuwonjezera «ira», «era», «itsa» kapena «idwa» pa mneni kuti afanane ndi mnzake. Misintho imeneyi si zokongoletsa. Wolemba amene akufuna kugwirizanitsa ndi «ndikubwera» akhoza kulemba «ndimakukondera», poganiza kuti ndi chikondi chomwecho chotalikitsidwa. Koma kukondera ndi tsankho, zimene amachita woweruza wosalungama. Kuyenda ndi kwina, kuyendera ndi kukaona munthu kapena ntchito. Kumva ndi kwa khutu, kumvera ndi kutsatira zimene wauzidwa. Kusiya munthu ndi kumuchokera, kusiyira munthu ndi kumupatsa chotsala. Nyimbo yachikondi ikhoza kusanduka ya milandu chifukwa cha maphatikizo awiri.

Palinso lamulo la kamvekedwe limene pakamwa pa Mchewa pamatsata posaganizira. Mneni amene muzu wake uli ndi a, i kapena u amatenga «ira», «itsa», «idwa»: kugulira, kuphikira, kumangidwa. Amene muzu wake uli ndi e kapena o amatenga «era», «etsa», «edwa»: kulembera, kukonzera, kutengedwa. Mukalemba «kukonzira» kuti agwirane ndi «njira», mwathyola lamuloli ndipo aliyense amva, ngakhale sangafotokoze chimene chalakwika. Yankho n'kusintha mneni. Pezani wa tanthauzo loyandikira amene muzu wake uli m'gulu lomwe mukufuna, monga «kupangira» m'malo mwa «kukonzera».

Ndipo ngakhale msintho uli wolondola, mizere inayi yothera pa «idwa» yokhayokha, monga kumangidwa, kuzunzidwa, kutayidwa, imatopetsa. Chikufanana pamenepo ndi msinthowo basi. Iwiri ndi malire.

Wanga, changa, langa

Mizere yothera pa «mtima wanga», «chikondi changa», «dzina langa» ndi kubwereza mawu amodzi omwewo atavala malaya osiyana. Sikulakwa, koma sikulemera. Ngati mzere umodzi wathera pa «wanga», wachiwiri upeze mawu enieni: chimanga, kumanga, kuthamanga, nkhanga, phanga, sing'anga. «Mwana wanga» akayankhidwa ndi «ndikupita kwa sing'anga», nkhani yayenda kale.

Mawu opanda anzake

Mawu ena ofunika kwambiri m'nyimbo ali ndi anzake ochepa. «Chikondi» ndi amodzi mwa amenewo, «moyo» enanso. Ena ali ndi anzake, koma oti simungawaike pamodzi. «Mulungu» amagwirana ndi dzungu, maungu ndi nkhungu, ndipo kwaya imene ingayike maungu pafupi ndi dzina la Mulungu idzaseketsa mpingo pa nthawi yopemphera.

Mawu otere asakhale kumathero. Alowetseni m'kati kapena kumayambiriro kwa mzere, kumathero kupite mawu a banja lalikulu. Chichewa chimalola zimenezi mosavuta, chifukwa chinthu chimene mukuchinena mukhoza kuchitsogoza: «Chimanga tinakolola kale» ndi Chichewa chabwinobwino, mmene anthu amayankhulira akafuna kutsindika. Ngati chotsogozedwacho ndi munthu, mneni amutchulenso m'kati mwake: «Mwanayo ndamuona», osati «Mwanayo ndaona». Chimene chimamveka chokakamiza ndi kutembenuza dzina ndi mfotokozi wake, monga «wabwino mwana» kapena «yaikulu nyumba». «Wanga mtima» amapezeka m'ndakatulo ndipo kamodzi amapitirira, koma akabwera katatu m'vesi imodzi womvera amaona kuti mawu akukankhidwa kuti «mtima» afike kumathero.

M'nyimbo zauzimu muli mawu ena amene amalandira anzake bwino. «Chisomo» chimagwirana ndi «pakhomo» ndi «mlomo». «Mtendere» umagwirana ndi «mchere», «ulere» ndi «ndibwerere». Kusankha amenewa kukhala omaliza n'kusiya «Mulungu» kumayambiriro kumachotsa vuto lonse.

Mukasowa ogwirana ndendende, ogwirana pang'ono amakwanira bola maliwu awiri omaliza akhale ofanana ndipo malembo apakati akhale a pachibale. «Mwezi» ndi «bwenzi», «madzi» ndi «mkazi», «basi» ndi «pansi»: pa chuni, kusiyana kwake sikumveka kwenikweni. Vesi yachiwiri ya nyimbo ya mayi uja ikhoza kuyamba motere:

Ngongole zachuluka m'mudzi
Nkhuku zatha, yatsala ndi mbuzi

Udzi ndi uzi si zofanana ndendende, koma palibe angadandaule, ndipo mizereyo ikunena zoona za pakhomopo. Zimene sizigwira ndi zosemphana ndi zimenezi, pamene malembo apakati afanana koma liwu lokokedwa lasiyana, monga «nsanje» ndi «mtsinje».

Za l ndi r musadere nazo nkhawa. M'kalembedwe timalemba r pambuyo pa i ndi e, l kwina konse, koma pakamwa pa anthu ambiri ndi liwu limodzi, ndipo oimba a ku Zambia amene amati «njila» amagwirizanitsa ndi «kulira» popanda vuto. Mawu obwereka amene anakhazikika kale ndi ovomerezeka ngati ena onse: «foni» ndi «chisoni», «sukulu» ndi «wamkulu», «galimoto» ndi «maloto». Vuto limabwera mukalowetsa mawu achingerezi amene munthu wa m'nyimboyo sangawanene, chifukwa chongofuna kutseka mzere.

Mathero ali bwino papepala koma akupunduka poimba

Apa vuto lachoka pa mawu, lapita pa chuni. Chuni zambiri zochokera ku Ulaya, kuphatikizapo za nyimbo zakale za m'tchalitchi, zimatsiriza mzere ndi kugunda kumodzi kwamphamvu, chifukwa Chingerezi chili ndi mawu ambiri a phatikizo limodzi kapena otsindika kumathero. Mukaika «panjira» pa chuni yotere, mphamvu imagwera pa «ra» ndipo «nji» amamezedwa. Mawu amamveka achilendo, kugwirana kwa «njira» ndi «lira» kumatayika, ndiye woimba poona kuti china chasowa amawonjezera «eee» kapena «ooo».

Poyesa, ombani m'manja kanayi pa mzere uliwonse, mofanana, uku mukunena mawuwo osaimba. Onani phatikizo limene likugwera pa kuomba komaliza kwamphamvu. Likhale lokokedwa lija. Mu «Madzulo ndimakhala panjira», kuombako kugwere pa «nji», ndipo «ra» abwere pambuyo pake mopepuka. Ngati kukugwera pa «ra», pali njira zitatu. Mukhoza kuyamba mzerewo mochedwerako pang'ono kuti maphatikizo onse asunthe ndi malo amodzi. Mukhoza kuwonjezera kaliwu kamodzi kotsika kumathero kwa chuni kuti phatikizo lomaliza lipeze pokhala. Kapena mukhoza kuwonjezera phatikizo limodzi m'kati mwa mzere, osati kumathero. Kukoka liwu lomaliza poimba sikoletsedwa, oimba ambiri amatero, bola phatikizo lokokedwa likhale litalandira kale kugunda kwake.

Pali mtundu umodzi wa mawu umene umakonda chuni yothera pa kugunda kumodzi: mvekero. Zii, phee, mbee, bii ndi anzake amatalika kumathero mwachibadwa. Ngati chuni simungaisinthe, tsekani mizere ina ndi amenewa:

Nyumba yonse yangoti zii
Kunja nako kwada bii

Powerenga maphatikizo, samalani ndi m. Pena amaima payekha ngati phatikizo, pena ayi. «Mtima» ali ndi maphatikizo atatu, «nsima» awiri. «Mtengo» atatu, «nyengo» awiri. «Mbale» yodyera ili ndi awiri, «m'bale» wanu ali ndi atatu. «Mvula» ndi «mphepo» ali ndi awiriawiri. Wolemba amene amawerenga ndi maso m'malo mwa pakamwa amapeza kuti mzere wina watalika ndi phatikizo limodzi, ndipo poimba amayamba kudula mawu. Kumbali inayo, maliwu awiri akakumana pakati pa mawu, poimba amalumikizana: «mwana alira» amatuluka ngati maphatikizo anayi m'malo mwa asanu. Werengani ndi zala uku mukunena mokweza pa liwiro la nyimboyo. Mizere iwiri yoyankhana isasiyane koposa phatikizo limodzi, apo ayi mathero ake sagwera pamalo amodzi ndipo khutu siliwalumikiza.

Kukwera ndi kutsika kwa liwu nakonso kumasiyanitsa mawu m'Chichewa, monga mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika. Poimba, chuni imaphimba kusiyanako ndipo nkhani ya mzerewo ndiyo imathandiza womvera. Choncho mawu otere akakhala kumathero, onetsetsani kuti mawu oyandikana nawo akusonyeza kale tanthauzo limene mukufuna.

Kolasi

Kolasi ili ndi malamulo ake. Imabwera katatu kapena kanayi m'nyimbo, ndiye chilema chimene chingapitirire m'vesi chimamveka mobwerezabwereza. Komanso kolasi sifuna mathero ambiri osiyanasiyana. Banja limodzi la mawu n'lokwanira, ndipo mzere umodzi ukhoza kubwerezedwa wonse. Nyimbo za pamtondo, za chimtali ndi za magule ena zakhala zikuyenda pa kubwereza ndi pa kuyankhana kwa wotsogolera ndi ovomera, osati pa mathero ofanana, kotero khutu la omvera anu linazolowera kale kulandira mzere wobwerezedwa ngati chinthu chokoma. Gwiritsani ntchito chizolowezi chimenechi. Kolasi ya mizere inayi ikhoza kukhala ndi mzere umodzi wobwereza ndi mizere iwiri yatsopano, ndiye mukungofunika mawu atatu ogwirana:

Bwerani, bambo, mudzaone banja
Munasiya khanda lili m'manja
Bwerani, bambo, mudzaone banja
Lero ndi mwana wosewera panja

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 11, powerengera m wa «m'manja» ngati phatikizo. Mzere wobwerezawo ndi wa ovomera, winawo ndi wa wotsogolera. Mathero a «anja» sanagwiritsidwe ntchito m'vesi, ndipo zimenezi n'zadala: banja la mawu limene mwapatsa kolasi musalibwereke m'mavesi, kuti likamveka womvera adziwe kuti kolasi yafika. Ngati vesi yathera pa i kapena u wokokedwa, monga ira ndi udzi, kolasi yokoka a imatseguka pakamwa ndipo gulu limaiimba mokweza mosavutikira.

Onaninso dongosolo la mizere iwiri yatsopanoyo. «M'manja» wabwera poyamba, «panja» pomaliza, chifukwa nkhani ikuchoka pa khanda kupita pa mwana woyenda. Mukawasinthanitsa mathero agwiranabe, koma kolasi ithera pa zakale m'malo mothera pa chimene bamboyo sanachione.

Pamene mizere yonse ikugwirana koma nyimbo yauma

Izi zimachitika kwa amene aphunzira kupeza mathero abwino n'kuyamba kuwaika paliponse. Mizere isanu ndi itatu yothera pa «ala» imamveka ngati mwana akuloweza. M'vesi ya mizere inayi, n'zokwanira kuti wachiwiri ndi wachinayi okha agwirane, woyamba ndi wachitatu akhale omasuka. Izi zimakupatsani mizere iwiri yonena chilichonse chimene nkhani ikufuna, kuphatikizapo mawu opanda anzake aja.

Chichewa chilinso ndi kugwirana kwina kumene kumabwera kokha kumayambiriro kwa mawu, chifukwa cha mgwirizano wa dzina ndi mawu otsatira. «Chitenje changa chakale chang'ambika» ali ndi «ch» kanayi popanda kuyesetsa kulikonse. Mzere wotere uli kale ndi nyimbo m'kati mwake, ndipo sufunanso kuti mathero ake akakamizidwe kufanana ndi wina.

Musanapite ku situdiyo, lembani mawu omaliza a mizere yonse pamndandanda paokha, n'kuwawerenga motsika. Pamene pali kamchira, kayeseni pokachotsa. Pamene pali msintho wa mneni, funsani ngati tanthauzo ndi lomwe mumafuna. Kenako perekani pepalalo kwa munthu amene sanamvepo chuni yake, awerenge mokweza ngati kalata. Pamene wadodoma, wabwereza mzere, kapena wakonza mawu mosadziwa n'kunena mmene anthu amanenera, ikani chizindikiro. Kawirikawiri chimene wanena mwangozicho ndicho Chichewa cholondola cha mzerewo, ndipo ntchito yotsala ndi kubwerera ku mzere mnzake kuti uyankhe mawu amenewo.